Mizere Yogona m'Kope la Bambo

Bambo anga anagwira ntchito pachigayo cha mayi wina wamasiye kwa zaka khumi ndi chimodzi. Ana ankawatcha Mzukwa, chifukwa ankaweruka atayera mbuu kuyambira kutsitsi mpaka kunsidze, maso okha ndiwo akuda. Iwo ankangoseka, nthawi zina n'kuwathamangitsa anawo manja ali m'mwamba. Ine sindinkaseka. Ndili kusekondale ndinkazungulira njira ya kuseri kwa msika kuti anzanga asadziwe kuti Mzukwayo ndi bambo anga.

Chaka chimene ndinamaliza Fomu Folo, mayi wamasiye uja anaganiza zokakhala kwa mwana wake. Anauza bambo kuti chigayo akuchigulitsa 6 miliyoni, injini ndi zonse, ndipo asanauze munthu wina aliyense afuna amve kwa iwo. Ndalama zoterozo m'nyumba mwathu sizinalowemo chiyambire. Koma panali ofesi ina yobwereketsa ndalama kwa amalonda, moyang'anana ndi sitolo ya zitsulo, ndipo kumeneko anati angathe kutithandiza tikapereka chikole. Chikole chimene tinali nacho chinali chimodzi chokha, nyumba yathu ya zipinda zitatu. Amayi anaumba okha njerwa zake ali ndi pakati pa ine.

Anatinso tibweretse pepala losonyeza ndalama zimene chigayocho chakhala chikupanga, ndiponso kuti ngongoleyo ingabwezedwe pa nthawi yaitali bwanji.

"Pepala ndi la ophunzira," anatero amayi. "Fizi ija tinkalipira si yoti azingowerengera malata akudenga. Mupatseni kope lanulo."

Bambo sadziwa kulemba. Kope lawo linali la mizere yokhayokha, ndowa imodzi mzere umodzi, tsamba limodzi tsiku limodzi. Makope a chaka chathunthu anawasokerera pamodzi ndi ulusi wa thumba. Mapepala ake anali olimba ndi ufa ndi oyilo, ndipo ankanunkha dizilo. Atandipatsa ndinaligwira ndi nsonga za zala.

Anakhala pafupi nane pakhonde, nawerama pang'ono kuti andilozere.

"Tsono ukaona yoimayi, ndiye kuti... koma yogonayi..."

"Ndaona, bambo. Zimenezi tinaphunzira."

"Munaphunzira?"

"Fomu Wanu."

Anandiyang'ana mwaulemu ngati mmene ankayang'anira adokotala, kenaka anaimirira n'kupita kukasamba.

Zoonadi tinaphunzira. Aphunzitsi a masamu anatiuza kuti powerenga zinthu umalemba mizere inayi yoima, wachisanu n'kuugoneka. M'kope la bambo munali mizere yoima yambiri, ndi yogona apo ndi apo. Pena yogonayo inkabwera pambuyo pa itatu, pena pa isanu ndi iwiri, pena iwiri motsatizana. Ndinaganiza kuti bambo anaonera kwa wina kalembedweka koma sanakamvetse bwino, ndipo ndinawamvera chisoni. Choncho ndinawerenga mzere uliwonse paokha, woima ndi wogona womwe. Zinanditengera masiku anayi.

Ndinapeza ndowa 15,000 pa chaka. Pogawa ndi miyezi khumi ndi iwiri zinakhala 1,250 pa mwezi. Ndowa imodzi ankagaya pa 1,000, kutanthauza kuti mwezi uliwonse pankalowa 1,250,000. Za dizilo ndinafunsa bambo. Anati lita imodzi imagaya ndowa zisanu, ndipo lita inali pa 2,000, ndiye kuti ndowa iliyonse imadya dizilo wa 400, pa mwezi 500,000. Lendi ya shedi, oyilo, lamba, sefa ndi nyundo za m'kati zimene zimatha ndi kugaya, zonse pamodzi zinkakwana 150,000 pa mwezi. Zotsala zinali 600,000.

Ku ofesi kuja anali atatiuza kale mawerengedwe awo. Chiwongoladzanja chinali 30 pa handiredi iliyonse pa chaka, chowerengedwa pa ndalama yonse imene wabwereka, kwa zaka ziwiri. Pa 6 miliyoni chinkakwana 3,600,000. Zonse pamodzi 9,600,000, zobweza 400,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 24.

Masamuwo anatuluka okongola. Tikabweza 400,000 pa 600,000 ija, pakhomo pankatsala 200,000, pamene malipiro a bambo kwa mayi wamasiye anali 150,000. Tikanati tisadye kalikonse, ngongole yonse ikanatha pa miyezi 16. Pa chaka chigayo chikanabweretsa 7,200,000 pa mpamba wa 6 miliyoni, ndiye kuti 120 pa handiredi iliyonse. Nambala imeneyi ndinaijambulira mizere iwiri kunsi ndi rula.

Tsiku lopita ku ofesi bambo anavala shati yawo yoyera. Anasamba kawiri, komabe m'makutu munatsala ufa. Kope lija anandipatsa kuti ndiliike m'chikwama limodzi ndi pepala langa.

M'ofesimo munali matebulo atatu, mipando yapulasitiki ndi fani imene inkatembenuza mutu uku ndi uku ngati ikukana zinazake. Mayi wa ngongole anali wamagalasi, wolankhula mwachangu. Anawerenga pepala langa, nabwereza masamu onse pa kakyuleta, n'kugwedeza mutu.

"Walemba ndani izi?"

"Mwana wangayu," anatero bambo. "Fomu Folo."

"Bola akanabwera kudzandiphunzitsira anyamata angawa. Ena amabwera ndi masamu olemba pa chikatoni cha sopo." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndowa 15,000 zimenezi zachokera m'buku la pachigayo?"

"Inde."

"Bukulo lili pompano? Ndingoliona pang'ono."

Chikwama chinali pamiyendo panga. Fungo la dizilo ndinkalimva ngakhale chinali chotseka. Ndinayang'ana tebulo lake loyera, zikhadabo zake zopaka, ndi anyamata awiri a mataye amene ankamvetsera pa tebulo linalo. Ndinaganiza mmene angasekere ataona mizere ngati ya mwana wa ku mkaka.

"Tinalisiya kunyumba," ndinatero.

Bambo anatembenuka n'kundiyang'ana. Anangotsitsa maso n'kuyamba kupukuta chala chawo chachikulu pa thalauza, pokonzekera kudinda.

Mayi uja anati atumiza munthu adzaone chigayocho ndi nyumba. Munthuyo anabwera pa nthawi yokolola, anapeza mzere wa ndowa wafika mpaka pamsewu, ndipo sanafunse zambiri. Patatha milungu itatu bambo anadinda chala, amayi anasaina, mapepala a nyumba anatsala mu kabati ya ku ofesi.

Mwezi woyamba unali wa ntchito yambiri. Bambo ankaika ndalama za tsiku ndi tsiku m'chitini cha mkaka, amayi n'kumasunga. Tsiku lomaliza la mweziwo, Loweruka masana, tinakhala pa tebulo la pabalaza. Ine ndinawerenga mizere ndipo inakwana 1,500. Ndinalemba mwachangu: pochotsa dizilo ndi zina zonse, payenera kutsala 750,000.

Amayi anawerenga ndalama za m'chitini. Anawerenganso kachiwiri, akunyowetsa chala.

"Pano pali 450,000."

"Werenganinso, amayi."

"Ine sukulu ndinalekeza panjira, koma ndalama sindiiphonya. Folo fifite." Anayang'ana bambo. "Bambo ake, fili handiredi sauzande yapita kuti?"

"Zonse ndimaika mmenemo, mayi."

"Ndiye chitinichi chili ndi chibowo? Mwana wawerenga. Kodi pepala limanama?"

Bambo anayang'ana pepala langa mmene munthu amayang'anira kalata ya kupolisi.

"Ngati mwana wawerenga ndiye kuti ndi momwemo," anatero motsitsa mawu. "Kaya ndinataya."

"Munataya! Ndalama yotero imatayika ngati batani? Mwezi wabwino kuposa yonse pa chaka, tikapereka za ngongole titsala ndi fifite sauzande. Nanga miyezi imene anthu alibe chimanga tidzapereka chiyani? Zitseko? Nenani, mwayamba kumwa, kapena pali amene mukumugulira mafuta odzola?"

"Mayi, pali mwana."

"Mwanayo ndi amene wakugwirani!"

Lolemba amayi anandituma kuchigayo. Anati ndikakhale pamenepo tsiku lonse ndikuona ndalama iliyonse imene ikulowa. Ndinapita ngati wapolisi wokazonda bambo ake omubereka.

Ndinali ndisanakhalepo m'shedimo nthawi yoposa mphindi zisanu. Injini ikalira pansi pamanjenjemera mpaka m'mano. Ufa umauluka n'kumatera pa ukonde wa kangaude, ndipo ukondewo umalendewera kudenga ngati nsanza zoyera. Polankhula umachita kukuwira munthu kukhutu. Bambo ankanyamula ndowa, kuthira pamwamba, kugwedeza thumba la kunsi, n'kutembenukira pa shelefu pamene panali kope ndi pensulo yomangirira chingwe. Munthu akapereka ndalama, ankaiponya m'thumba la ovolosi n'kulemba mzere.

Cha m'ma teni koloko panabwera mayi wina wachikulire, nsapato zake zosiyana mitundu. Bambo anamugayira ndowa imodzi. Mayiyo anawalankhula kukhutu, bambo anagwedeza mutu, iye n'kusenza ufa wake. Ndalama sinatuluke. Bambo anatenga pensulo n'kulemba mzere wogona.

Ndinaona ngati sindinaone bwino. Kenaka panabwera mnyamata wa kwa m'busa ndi ndowa ziwiri, ndipo bambo analemba mizere iwiri yogona. Patapita nthawi anabwera azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, amene amagulitsa zakudya kumsika. Anali ndi ndowa zitatu. Anandiona n'kukuwa kuposa injini.

"A Fomu Folo! Lero mwatsika kumwamba? Samalani, ufawu umadetsa satifiketi!"

Anagayitsa, anamenya bambo paphewa, n'kumapita. Mizere itatu yogona.

Bambo atazimitsa injini kuti izizire, m'makutu mwanga munkalirabe. Ndinaloza pa tsambalo.

"Bambo, yogonayi ndi chiyani?"

"Si unati munaphunzira?" Sananene monyoza. Anafunsa modabwa basi. "Yoima ndi amene alipira. Yogona ndi amene ati mawa, kapena a pamaliro, kapena achibale. Ndinkaigoneka kuti mayi amasiye aja akamawerenga ndalama madzulo adziwe chifukwa chake zachepa. Iwo ankati, gayirani, Mulungu adzabweza."

"Nanga a mawawo amadzalipira?"

"Akalipira ndimabwerera pa tsambalo, wogonawo ndimaufufuta n'kulemba woima." Anaseka pang'ono. "Koma labala wanga sakutha msanga."

Ndinawauza kuti mutu ukundipweteka ndi phokoso. Ndinatenga kope lakale lija kunyumba, n'kukakhala kuseri kwa bafa kumene kulibe odutsa, ndi kuyamba kuwerenga yogona yokhayokha. Masiku awiri. Inakwana 3,000 pa chaka. Pa ndowa zisanu zilizonse, imodzi inali yaulere. M'mwezi umene unangothawo inalipo 300, ndendende 300,000 imene amayi ankaifuna.

Ndinabwereza masamu onse pa chikuto cha kope langa lakale la sayansi. Ndowa zolipira zinali 1,000 pa mwezi, osati 1,250. Polowa 1,000,000. Koma dizilo sasankha, ndowa yaulere imamwa chimodzimodzi ndi yolipira, choncho anakhalabe 500,000. Zina zija 150,000. Zotsala 350,000. Ngongole inkafuna 400,000.

Ndinayang'ana manambala awiriwo nthawi yaitali. Tisanagule ngakhale mchere, mwezi uliwonse tinkapereweza 50,000. Kuti 9,600,000 ikwane pa 350,000 pankafunika miyezi 28, ndipo ife tinapatsidwa 24. Kenaka ndinaona cholakwa china chimene ndinachibisa pansi pa mizere iwiri ya rula ija. Pa 120 yanga ija sindinachotsepo malipiro a bambo, ngati kuti munthu akagula chigayo amasiya kudya. Nditachotsa 150,000 yawo panatsala 200,000 pa mwezi, 2,400,000 pa chaka, 40 pa handiredi iliyonse ya mpamba. Pa liwiro limenelo ngongole ikanatha pa miyezi 48. Nyumba ikanapita kalekale.

Sindinauze munthu. Ndinapinda chikutocho n'kuchiika m'thumba, ndipo chinakhala mmenemo masiku atatu.

Masiku atatuwo amayi sankalankhula ndi bambo. Chakudya ankawaikira pa tebulo n'kutuluka. Mawu ankadutsira mwa ine: uwauze bambo ako madzi afunda, uwafunse bambo ako ngati sopo naye anataya. Tsiku lina ndinawaona akununkhiza shati ya bambo asanaichape. Bambo ankadzuka m'mawa kwambiri n'kufufuza m'shedi monse, kuseri kwa migolo ya dizilo, pansi pa matumba, kufunafuna ndalama imene sinakhalepo. Ndinkadziuza kuti ndinena tikatha kudya, kenaka ndinena mawa. Ndinazindikira kuti nanenso ndasanduka wa mawa.

Loweruka m'mawa ndinapeza amayi atakhala pa sitepe ya kukhitchini, akupalasa khoma ndi chikhatho pamalo pamene pulasitala anagwa, njerwa n'kumaonekera.

"Izi ndinaumba miyendo itatupa chonchi," anatero osandiyang'ana. "Bambo ako ankati tidikire ubadwe. Ndinati mwana wanga sabadwira m'nyumba ya lendi."

Ndinatulutsa chikuto chija.

"Amayi, bambo sanatenge ndalama."

"Akutuma?"

"Ayi. Ndinalakwitsa ndine."

Ndinafotokoza zonse, mizere yoima ndi yogona, mpaka za kope limene linali m'chikwama pamene ndinkati lili kunyumba. Amayi anamvetsera osandidula, zimene sachita kawirikawiri.

"Wadziwa liti?"

"Lachitatu."

"Lachitatu." Anawerenga masiku pa zala. "Ndiye ine ndakhala ndikununkhiza malaya a mwamuna wanga ngati galu, iwe pepala lili m'thumba?"

Ndinaweramitsa mutu, iwo n'kupitiriza.

"Kulakwitsa masamu ndi kwa aliyense. Koma kope la bambo ako unalibisiranji? Limaluma?"

"Ndinkachita manyazi."

"Ndi mizere imene inakulipirira fizi?"

Akanandimenya bwenzi zili bwino. Anangoimirira, namanga nsalu yawo bwinobwino, n'kunena kuti, "Tenga pensulo. Tiye."

Tinapeza bambo akumangitsa lamba wa injini. Amayi anaima pakhomo la shedi kanthawi. Kenaka anapita n'kukawachotsa ufa paphewa ndi dzanja, kawiri, ngakhale ufawo unali thupi lonse. Kupepesa kwawo kunali komweko.

"Lankhula," anandiuza.

Ndinabwerezanso zonse pamaso pa bambo, maso anga ali pa nsapato zawo. Nditamaliza iwo anakhala pa mgolo.

"Ndiye kuti ndalama sinatayike?"

"Ayi, bambo."

"Aa, bola." Anapumira m'mwamba. "Ndimayesa mutu wayamba kuzungulira." Kenaka nkhope inasintha. "Koma ndiye kuti nyumba ija ndaigaya ndine, ndowa imodziimodzi."

"Mwaigaya nonse awiri," anatero amayi. "Wina satha kukana, wina satha kufunsa. Mwana watengera bambo ake. Iwe, werenga. Kuti tibweze ngongole n'kudya monga tinkadyera kale, zaulere zingakhale zingati?"

Ndinawerengera pa chivindikiro cha mgolo wina. Tinkafunika 400,000 ya ngongole ndi 150,000 ya pakhomo, pamodzi 550,000. Pa ndowa 250 zaulere za pa mwezi, 200 zinayenera kuyamba kulipira. Zaulere zikanatsala 50 zokha. Zikatero ngongole ikanatha pa miyezi 24 yeniyeniyo, popanda chotsala.

"Nanga akakwiya n'kupita kwina?" anafunsa bambo.

Ndinawerenganso. "Onse 200 akachoka, tipulumutsa dizilo wa 80,000. Patsala 430,000. Ngongole tibweza, koma pakhomo patsala 30,000 yokha."

"Nyumba ikhalapo, m'mimba ndi mmene mudzalire," anatero amayi. "Nanga miyezi yosowa chimanga?"

Ndinatsegula kope. Miyezi imeneyo ndowa zinkatsika mpaka 900. Ngakhale onse atalipira, zotsala sizikanakwana 400,000. Ndiye kuti za miyezi yokolola zinayenera kusungidwa, osati kudyedwa.

Amayi anatuluka, napita pa golosale yoyandikana nayo, n'kubwera ndi zitsekerero za mabotolo m'kapepala. Anawerenga makumi asanu n'kuzithira m'thumba la ovolosi ya bambo.

"Chifundo chanu cha mwezi uno ndi chimenechi. Chitsekerero chimodzi, ndowa imodzi. Mupatse amene mukufuna, ine sindifunsa. Zikatha, zatha." Anatembenukira kwa ine. "Iwe ukhala pakhomo ndi tebulo. Ndowa silowa popanda ndalama kapena chitsekerero."

"Amayi, ine kulankhula ndi anthu..."

"Ku ofesi unatha kulankhula."

Lolemba ndinakhala pakhomo la shedi, pa tebulo la miyendo yosalingana, kope lili patsogolo panga. Anthu olipira sanavute. Mayi wa nsapato zosiyana uja atafika, bambo anatuluka n'kuika chitsekerero pa tebulo, ine n'kulemba mzere wogona. Mnyamata wa kwa m'busa ndinamuuza nkhaniyo ndikuyang'ana pansi. Anabwerera, ndipo patapita ola anabwera ndi ndalama.

Azakhali anafika dzuwa litakwera, mzere uli wautali. Anadutsa anthu onse ndi ndowa zawo zitatu, mnyamata wa wilibala ali pambuyo.

"Azakhali," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwanapiye. "Ndi fili sauzande."

"Ati chiyani?"

"Fili sauzande. Kulipira kaye."

Anaika manja m'chiuno n'kutembenukira kwa anthu a pamzere.

"Tamvani, anthuni! Mwana uyu ndinamusintha matewera ine, lero akundilipiritsa pachigayo cha mlongo wanga! Sukulu imeneyi ndi ya masamu kapena ya mwano? Achimwene! Tulukani mudzaone kalaliki wanu!"

Anthu anaseka. Nkhope yanga inatentha mpaka m'makutu. Bambo anasuzumira pakhomo, dzanja lili kale m'thumba la zitsekerero. Ndinamva zikulira. Ndinadziwa kuti azakhali amabwera katatu pa mlungu ndi ndowa zitatu, ndipo pa mwezi akanadya zitsekerero 36 pa 50 zija, iwo okha, munthu wa malonda ake.

Ndinaimirira. Sindikudziwa mphamvu zinachokera kuti, mwina manyazi akachuluka amatha okha malo.

"Azakhali, nyumba yathu ili pa chikole. Ndinalakwitsa masamu ndine, ndinawerenga ndowa zanu ngati zolipira. Ndowa iliyonse imene bambo amakugayirani imadya dizilo wa folo handiredi wa ngongole. Tikapitiriza, atilanda nyumba."

Anthu a pamzere anasiya kuseka. Zimene ndinabisira mayi mmodzi wamagalasi ndinali nditazinena pamaso pa anthu makumi awiri.

Azakhali anayang'ana bambo. "Zoona zimenezi?"

Bambo anagwedeza mutu, natulutsa dzanja m'thumba lopanda kanthu.

"Ndiye osanena bwanji? Anthu a m'banja ili pakamwa panu anasokapo ndani?" Anamasula mfundo ya pa nsalu yawo mokwiya, naponya ndalama pa tebulo. Zinali 2,000. "Inayo mawa. Ndipo ufa ukatuluka wokhakhala mundibwezera, a Fomu Folo a masamu olakwika."

Ndinalowetsa ndowa ziwiri. Yachitatu inakhala panja pafupi ndi tebulo langa mpaka madzulo, pamene anatuma mnyamata wa wilibala ndi 1,000 yotsalayo. Dzina lija ndilo linakhala. Mpaka lero kumsika amanditcha Masamu Olakwika.

Ena anachokadi. Achibale awiri a kuchimuna sabweranso ngakhale kudzationa. Zitsekerero za bambo zinatha pa tsiku la 19, ndipo masiku otsalawo ankabisala kuseri kwa injini akaona munthu amene akumudziwa kuti alibe kanthu, ine n'kumayankha ndekha. Mayi wa nsapato zosiyana uja anabwerera ndi ndowa yake pamutu kamodzi. Sanakalipe. Anangoti, "Chabwino, mwanangu," ndipo mawu amenewo anandipweteka kuposa onse a azakhali.

Mwezi woyamba wathunthu wa zitsekerero tinagaya ndowa 1,380. Yogona inali 50. Titachotsa dizilo ndi zina zonse, m'chitini munatsala 628,000. Amayi anapatula 400,000 ya ngongole, 150,000 ya pakhomo, ndipo 78,000 anaimanga m'kansalu kuti idikire miyezi yovuta.

Kokapereka tinapita awiri, ine ndi bambo. Fani ija inali ikukanabe. Mayi wamagalasi analemba lisiti, nandizindikira.

"Aa, katswiri wathu uja. Zikuyenda monga mwa pepala?"

Ndinatsegula chikwama. Ndinatulutsa kope la bambo, lakale losokedwa ndi ulusi wa thumba lija, n'kuliika pa tebulo lake loyera. Ufa pang'ono unagwera pa lisiti. Pambali pake ndinaika pepala latsopano.

"Tsiku lija bukuli linali m'chikwama," ndinatero. "Pepala loyamba lija ndi lolakwika. Lolondola ndi ili."

Anyamata a mataye aja anatukula mitu. Mayiyo anawerenga pepala latsopanolo mpaka pansi, osamwetulira. Anati ngati mwezi wina tiona kuti sitikwanitsa, tibwere tsiku lisanakwane, osati litadutsa, chifukwa likadutsa nkhani imachoka m'manja mwake. Kenaka anatsegula kopelo, nayendetsa chikhadabo chake pa mizere, n'kuima.

"Nanga yogonayi ndi chiyani?"

Bambo anayang'ana kwa ine, monga ankachitira nthawi zonse pakakhala pepala. Ine ndinakankhira kopelo pang'ono kumbali yawo.

"Afotokoze eni ake," ndinatero. "Ine ndinaphunzira mochedwa."

Bambo anapukuta chala pa thalauza, nasendeza mpando pafupi ndi tebulo, n'kuyambira pa tsamba loyamba.